Mphete Thumba Ili, Mapilitsi Thumba Ilo

MUTU 9

1. Matumba awiri

Loweruka limenelo Msomali anadzuka ali ndi mantha. M'thumba lakumanja la buluku lake munali kabokosi ka mphete. M'thumba lakumanzere munali kabotolo ka mapilitsi a khunyu. Madzulo ake ankafuna kukafunsa mtsikana wake ngati angalole kuti atomerane, koma mtsikanayo za kabotoloko sankadziwa kanthu.

Dzina loti Msomali anamupatsa ndi anzake a kushopu ya malume ake, kumene ankakonza masofa ong'ambika. Mnyamatayu anali wamtali, woonda, ndi mutu wophwatalala pang'ono. Anzakewo ankati ukamugogoda ndi hamala pamutu akhoza kulowa m'thabwa osapindika.

Mtsikanayo ankaphunzitsa ana pasukulu ya mkaka, ndipo Msomali ankamuitana kuti Aphunzitsi. Anadziwana tsiku limene iye anabweretsa timatiresi ta ana kuti tidzasokedwe. Chibwenzi chawo chinali chitatha chaka ndi kanthu. Tsopano Aphunzitsi anali atapeza malo kukoleji ya uphunzitsi mumzinda wina, ndipo ankanyamuka mwezi wotsatira.

Matendawa anamuyamba Msomali ali kusekondale. Akamamwa mapilitsi tsiku ndi tsiku ndi kugona mokwanira, ankatha miyezi yambiri osagwa. Komaliza anagwa kuchiyambi kwa chaka, ali kushopu. Adokotala anamuuza kuti asayendetsenso njinga yamoto mpaka iwo atamuloleza. Msomali anavomera ndi mutu, natuluka, nakakwera njinga yake.

2. Malangizo a amayi

Amayi ake anamupeza m'khitchini akumeza pilitsi ndi madzi. Anayang'ana thumba lotupalo, ndipo sanafunikire kufunsa.

“Ndiye ndi lero?”

“Ndi lero, amayi. Koma ndikuganiza zoyamba ndamuuza za matenda.”

Amayi anaika pansi kapu imene ankatsuka. Anatseka chitseko ngati kuti anthu a nyumba yoyandikana anali ndi makutu pakhoma.

“Mwana wanga, tamvera. Wayiwala za mtsikana uja wa kusekondale? Unamuuza zonse ngati munthu wabwino. Sabata isanathe kalasi yonse inkakuthawa, ena osafuna n'komwe kumwera kapu imene wamwera iwe. Amene anakusunga ukulira ndine. Anthu sadziwa kuti matendawa sapatsirana. Amangomva dzina, basi mwendo uli panja. Iwe yamba wamuveka mphete. Akavomera, makolo ake akamva, anzake akaiona pachala, sangabwererenso m'mbuyo. Pamenepo udzamuuze pang'onopang'ono. Zengerezu adalinda kwawukwawu, mwana wanga. Kukoleji kumeneko kuli anyamata ovala mataye. Ukamusiya apite chala chili chopanda kanthu, wamutaya.”

Amayiwa sanali munthu woipa. Anali munthu amene anatolapo mwana wake pansi, lilime litalumidwa, anthu atazungulira kumangoyang'ana. Mantha awo anali achikondi, koma anali mantha ndithu.

“Ndamva, amayi,” anatero Msomali.

Anavala chipewa chake, naliza njinga.

3. Fungo la labala

Kushopu kunali kale fumbi la siponji yakale. Malume ake anali atagona chagada pansi pa sofa yaikulu, akumanga masipuling'i. Anali bambo wadazi, wamfupi, wokonda kulankhula misomali ili pakamwa.

“Wachedwa, bwana mkubwa. Mpando wa ometa tsitsi uja akuufuna masana.”

Msomali anayala nsalu patebulo, natenga sizasi. Anali asanagone bwino sabata yonse chifukwa choganiza za tsikuli. Atangodula pang'ono, anamva fungo la labala wopsa. Anayang'ana uku ndi uku. Panalibe chimene chinkapsa.

Fungo limeneli ankalidziwa. Nthawi zambiri linkabwera iye asanagwe. M'mimba munakwera kanthu kozizira.

“Malume!”

Malume anatuluka pansi pa sofa mofulumira kuposa msinkhu wawo. Anamulanda sizasi, anakankhira kutali bokosi la misomali, namugoneka chammbali pa siponji yatsopano. Anamumasula batani la pakhosi. Kenako anakhala pambali pake, dzanja lili paphewa.

“Ndili pano, mphwanga. Puma bwinobwino.”

Anadikira. Kunja galimoto zinkadutsa, wina ankaitanira malonda. Pang'onopang'ono fungo lija linatha. Ulendo uno sanagwe. Anangotsala ndi thukuta ndi mutu wolemera.

Pogona paja kabokosi kanali katatuluka m'thumba. Malume anakatola, nakatsegula, naliza mluzu.

“Eee! Ndiye zafika apa? Ya Aphunzitsi?”

“Inde. Lero madzulo.”

“Ndi mtsikana wabwino. Zikanakuchitikira izi uli naye, akudziwa chochita?”

Msomali anayang'ana kudenga.

“Ndakufunsa, mphwanga.”

“Sakudziwa kuti ndimadwala. Amayi akuti ndidzamuuze akavomera.”

4. Malume atenga nthawi

Malume anadzuka, anakatseka chitseko cha shopu, natembenuza chikwangwani. Msomali chiyambire ntchito anali asanaonepo chitseko chimenecho chitatsekedwa Loweruka m'mawa.

“Mlongo wanga ndimamukonda,” anatero malume, “koma apa wakusocheretsa. Tandiuza. Munthu akabweretsa sofa, ife n'kupeza kuti thabwa la m'kati ndi lofumbwa, timatani?”

“Timamuitana adzaone tisanakute nsalu.”

“Bwanji osangokuta, iye n'kulipira, n'kudzamuuza atakhalapo kale?”

“Kumeneko n'kuba.”

“Wanena wekha. Iwe si thabwa lofumbwa, usandimve molakwa. Ndiwe mnyamata wabwinobwino, ndipo anthu ambiri a matenda akowa ali pabanja, ali ndi ana. Koma mtsikanayo akamati inde, akhale akudziwa chimene akuvomera. Walira mvula walira matope, koma munthu aziwaona matopewo asanalire. Ukamuveka mphete kuti achite manyazi kubwerera, imeneyo si mphete, ndi msampha. Ndipo tsiku limene adzazindikire, sadzadana ndi matenda ako. Adzadana ndi iweyo.”

Msomali anakhala tsonga. “Nanga akandikana?”

“Akhoza kukukana. Sindikunamiza. Koma funso limene munthu sangathe kuliyankha kuti ayi, limenelo si funso. Tsopano ndikufunse zina, popeza wandipatsa mpata. N'chifukwa chiyani lero? Bwanji osati chaka chamawa?”

“Akupita kukoleji.”

“Ndiye ukufuna kumutomera chifukwa mwakonzeka, kapena chifukwa ukuopa kuti akakulanda?”

Malume anakweza kabokosi kaja m'mwamba.

“Mphete si loko, mphwanga. Amene akufuna kupita amapita nayo pachala. Amene akufuna kudikira amadikira popanda iyo. Chabwino, tisiye zimenezo. Munayambanapo?”

“Kangapo.”

“Zinatha bwanji?”

“Tsiku lina ndinamunyoza pamaso pa anzanga kuti ntchito yake ndi yopukuta ana mamina. Anakwiya, anandiuza pamaso. Ndinapepesa, ndipo sindinabwerezenso.”

“Chimenecho n'chizindikiro chabwino. Anthu amene sanayambanepo sindiwakhulupirira, chifukwa mmodzi wa iwo amakhala akumeza mawu. Ndiye kuti amatha kukuuza ukalakwa, iwe n'kumva osakweza dzanja. Nanga iye akalakwa amapepesa?”

“Amapepesa, koma mochedwa.”

Malume anaseka. “Ameneyo ndi azakhali ako enieni, mkazi wanga uja. Nanga za ana munakambapo? Akuwafuna? Liti? Akamaliza koleji boma likamutumiza kutali, upita naye kapena iye asiye ntchito? Amayi ako adzakhala ndi ndani? Mumapemphera kosiyana, ndiye ana azidzapita kuti?”

“Za ana tinakambapo. Za kopemphera tinagwirizana. Zinazo ayi.”

“Zinazo n'zimene zimaswa mabanja. Nkhanga zinapangana kusanapse. Tsiku lofunsa likhoza kukhala lodzidzimutsa, koma yankho lisamakhale lodzidzimutsa. Munthu wokonzeka amafunsa akudziwa kale chimene mnzake ayankhe, chifukwa zonse zolemera anakambirana kale masana dzuwa likuswa mtengo. Iwe ukunjenjemera chifukwa sukudziwa yankho, ndipo sukulidziwa chifukwa mtsikanayo sakukudziwa.”

Mawu amenewa anamulasa Msomali. Anapukuta nkhope ndi malaya.

“Ndiye nditani, malume?”

“Pita ukamuuze lero. Zonse. Koma usakamuuze ndi pakamwa uku dzanja likutulutsa mphete. Ukatero adzavomera chifukwa chokumvera chisoni, ndipo chisoni chimatha msanga. Muuze, kenako umupatse nthawi. Afunse mafunso, apite nawe kwa adokotala, alankhule ndi anthu amene amawakhulupirira. Mukayezetsenso magazi nonse awiri, chifukwa naye akhoza kukhala ndi zake. Zikatha zimenezo, ngati akadali pambali pako, udzafunse. Mphete siwola.”

Anamubwezera kabokosi. Kenako anatambasula dzanja lina.

“Makiyi a njinga.”

“Malume, n'kutali.”

“Adokotala anati chiyani? Ndakhala ndikukuyang'ana, ine n'kumangoti ndi wamkulu, adziwa yekha. Nanenso ndinalakwa. Bweretsa.”

Msomali anapereka makiyi.

5. Wapansi

Masana atapereka mpando wa ometa tsitsi, anagona pang'ono kuseri kwa shopu monga analamulira malume. Dzuwa litapendeka ananyamuka wapansi.

Njira inali yaitali, ndipo malo obwererapo anali ambiri. Pa siteji ya basi anaima, nayang'ana basi yopita kwawo. Pa sitolo ya mankhwala anaimanso. Foni inalira. Anali amayi ake.

“Wafika?”

“Ndili m'njira.”

“Ukumbukire zimene ndakuuza. Pakamwa potseka.”

“Amayi, ndikamuuza.”

Kenako amayi analankhula motsitsa mawu. “Malume ako ndi amene akulowetsa zimenezi. Akakukana, iwowo adzakhala ali m'tulo kwawo. Wolira nawe ndidzakhala ine.”

Foni inaduka. Msomali anaiyang'ana pang'ono, koma anapitirira.

6. Pabwalo la ana

Pasukulu ya mkaka panalibe ana. Aphunzitsi anali atakhala pakhonde ndi beseni la madzi a sopo, akutsuka zidole. Zina anali ataziyanika pa katungwe. Anali atavala diresi yake yabwino pansi pa epuloni, ndipo tsitsi linali lomangidwa kumene.

Atamuona anamwetulira, kenako anayang'ana kuseri kwake.

“Lero wapansi? Njinga yatani?”

Msomali akanatha kunena kuti yaphwa tayala. Bodzalo linafika mpaka pa lilime.

“Malume andilanda makiyi.”

“Walakwanji?”

Msomali anakhala pa kampando ka ana, mawondo akufika pachifuwa. Analowetsa dzanja m'thumba. Aphunzitsi anapukuta manja pa epuloni mofulumira, maso akuwala. Koma dzanjalo linalowa m'thumba lakumanzere, ndipo chimene chinatuluka ndi kabotolo.

“Ndimadwala khunyu,” anatero. “Chiyambire kusekondale. Ndimamwa awa tsiku lililonse. Ndinagwa kuchiyambi kwa chaka chino, ndipo lero m'mawa ndinatsala pang'ono. Ndimayenera kukuuza kalekale. Ndinkaopa.”

Aphunzitsi anatenga kabotolo, nakatembenuza, nawerenga. Chidole chimene anasiya m'beseni chinkayandama chafufumimba.

“Ulendo uja unati unagwa pa makwerero, lilime litatupa?”

“Unali umenewo.”

“Ine n'kukuphikira phala, n'kumakunena kuti ndiwe wosasamala.”

“Pepa.”

Aphunzitsi anayang'ananso kabotolo kaja.

“M'kalasi mwanga muli kamtsikana ka matenda amenewa,” anatero Aphunzitsi. “Kanagwapo ndili pomwepo. Ndinachita mantha, koma amayi ake anali atandiphunzitsa. Kumugoneka chammbali, kuchotsa zinthu pafupi, osamuika kanthu m'kamwa, osamupanikiza. Zikatenga nthawi, kuthamangira kuchipatala. Ndikudziwa kuti sapatsirana. Matendawa sindikuwathawa.”

Msomali anapuma mwamphamvu. Koma nkhope ya Aphunzitsi sinamasuke.

“Malume ako akulanda makiyi chifukwa chiyani?”

“Adokotala anandiletsa kuyendetsa.”

“Liti?”

“Nditagwa ulendo uja.”

“Kuchiyambi kwa chaka.” Anaika kabotolo pansi pang'onopang'ono. “Ndiye miyezi yonseyi wakhala ukundinyamula pamsewu waukulu uja, pakati pa malole, ukudziwa? Tsiku lija tinatenga mwana wa achemwali anga, n'kumukhazika pakati pathu, iye akuimba nyimbo. Unkadziwa?”

“Ndinkadziwa.”

“Iwe!”

Aphunzitsi anaimirira. Anapinda manja pachifuwa. Msomali anali asanamuonepo ali ndi mantha otere.

“Ndikanasiya njinga ukanandifunsa chifukwa chake,” anatero Msomali. “Ndinalibe choyankha.”

“Ndiye unaona kuti bola tife kusiyana n'kuti uchite manyazi?”

Msomali sanayese kudziteteza. Anangoti, “Ndinalakwa kwambiri.”

7. Thumba linalo

Aphunzitsi anapita kukaima pa katungwe, atamufulatira. Anatembenuza zidole zimene zinali zitauma kale. Atabwerera maso anali ofiira.

“M'thumba linalo muli chiyani?”

“Ukudziwa?”

“Mayi wogulitsa mphete uja amaimba kwaya limodzi ndi achemwali anga. Ukuganiza kuti tsitsili ndamangira zidole?”

Msomali anagwira thumba. “Sinditulutsa lero. Ndimafuna uyambe wadziwa, uganize bwino.”

“Wachita bwino. Ukanatulutsa poyamba ndikanavomera, ndipo mawa lake ndikanakuda.”

Aphunzitsi anakhala pansi, koma patali pang'ono.

“Sabata yonseyi nanenso sindinagone,” anatero. “Ndinapita kwa azakhali anga kukafunsa kuti munthu amadziwa bwanji kuti avomere. Anandiuza kuti, ‘Mwana wa mchimwene wanga, usayang'ane mphete, usayang'ane anzako amene atomeredwa kale, usawerenge zaka zako. Dzifunse kuti, munthuyu akapanda kusintha ngakhale pang'ono, akakhala mmene alilimu mpaka imvi, ndingakhale naye? Chifukwa ukwati si sukulu yosinthira anthu. Dzifunsenso ngati ungathe kumuuza kuti ayi osaopa nkhope yake. Ukakhala naye, umalankhula momasuka kapena umayamba wayeza mawu? Uone mmene amachitira ndi amayi ake, ndi anthu omutumikira m'sitolo, ndi mmene amakhalira zinthu zikamuvuta. Ndipo ngati mumtima muli kanthu kakukuuza kuti dikira, dikira. Kunena kuti osati pano si kukana. Mwamuna amene sangapirire mawu amenewo sangapirirenso banja.’ Ndinayankha zonse, ndipo zonse zinkaloza kwa iwe. Funso lomaliza anati, ‘Ukumudziwa?’ Ine ndinaseka. Ndinati ndimamudziwa ngati chikhatho changa.”

Msomali anawerama.

“Palinso china chimene wandibisa? Mwana kwinakwake? Mkazi wina? Nena lero lomwe.”

“Palibe. Ndikulumbira.”

“Usalumbire. Ndidzaona ndekha.” Anapukuta m'maso. “Nanenso ndili ndi changa. Si chachikulu ngati chako, koma ndinkachizengereza. Ndikamaliza koleji ndidzapita kumene adzanditumize, ngakhale kutali. Ntchito sindidzasiya. Ndipo sindikufuna mwana ndisanamalize. Ndinkaopa kuti ndikanena udzati ndine wonyada.”

“Masofa amang'ambika kulikonse,” anatero Msomali. “Koma za amayi anga sindinaganize. Sindikudziwa kuti ndingawasiye bwanji.”

“Waona? Tonse sitinakonzeke.”

“Ndiye chatha?”

Anafunsa motsitsa, chifukwa limeneli ndilo funso limene linamusowetsa tulo sabata yonse.

“Sindikudziwa,” anatero Aphunzitsi. “Ndimakukonda, ndipo ndakwiya. Zonse ziwiri n'zoona. Tsiku lako lakuchipatala likafika ndipita nawe. Ndikufuna ndikamve ndekha za ana, za mankhwala, za zimene zimakuyambitsa. Njinga usadzaikhudzenso mpaka adokotala anene ine ndikumva. Kukoleji ndipita wopanda mphete. Ngati sungandikhulupirire chala chili chopanda kanthu, ndiye palibe chimene tikumanga. Ndikadzabwera patchuthi tidzaona pamene tili. Sindikukulonjeza yankho.”

Sanali mawu amene Msomali anagulira mphete. Komabe sanali mawu amene amayi ake ankawaopa.

“Ndavomera,” anatero.

8. Pageti

Anathandizana kulowetsa zidole ndi kutaya madzi. Aphunzitsi anakhoma kalasi, navula epuloni. Anayenda limodzi osagwirana manja. Atakhota pa msewu wa kwawo kwa mtsikanayo, iye anaima mwadzidzidzi.

“Mayo ine. Ndinayiwala.”

“Chiyani?”

“Achemwali sasunga nkhani. Kunyumba onse akudziwa za mphete. Amayi aphika kuyambira masana, azakhali abwera, ndipo bambo avala jekete.”

Msomali anayang'ana kutsogolo. Geti linali lotsegula. Pakhonde panali mipando yobwereka, ndipo wailesi inkaimba. Mwana wa achemwali uja ankathamanga pabwalo atavala nsapato zatsopano.

“Tingowauza kuti taganiza zodikira,” anatero Msomali. “Zinazo tidzanene tsiku lina.”

Aphunzitsi anamuyang'ana m'maso.

“Wayambanso? Akandifunsa chifukwa, ine sindinama, ndipo sindikunenera. Za matenda ndi zako, ukhoza kusankha tsiku lowauza bambo. Koma achemwali anakupatsa mwana wawo kuti umunyamule. Amenewo uwauza lero, ndi pakamwa pako. Ukabwerera pano, usadzabwerenso.”

Mwana uja anawaona. Anakuwa ndi chimwemwe, nathamangira kugeti, nakumbatira miyendo ya Msomali.

“Ankolo! Njinga ili kuti? Mundikweza?”

Anthu a pakhonde anatembenuka onse. Wina anayamba kuwomba m'manja. Achemwali anatuluka m'nyumba akuvina, maso ali pa chala cha mng'ono wawo. Atachiona chopanda kanthu, anaima.

Bambo a Aphunzitsi anatsika pakhonde akukonza jekete, dzanja atatambasula kale.

“Lowani, lowani, mwana wanga. Takhala tikukudikirani. Tamva kuti muli ndi mawu.”

Msomali anamasula manja a mwanayo pamiyendo yake. Msewu unali pomwepo kumbuyo kwake. Analowa pageti.

“Mawu ndili nawo, bambo,” anatero. “Koma si amene mwavalira jekete. Ndiyambe ndi achemwali.”